Kalata yopita kwa a manijala: ndithandizeni ndisanakaipereke

Mai a Chisomo, Luchenza

Anzanga, mwadzuka bwanji nonse? Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Mu Sepitembala 2024 ndinatenga ngongole ya K12,000,000 kubanki kuti ndionjezere katundu muholoselo yanga ija. Tinagwirizana miyezi 24, chiwongoladzanja 36% pachaka, ndipo mwezi uliwonse amadula K708,570 pa 28. Ndalipira miyezi 10, kuyambira Okotobala mpaka Julayi, osaphonyako ndi kamodzi komwe. Koma ya Juni ndi ya Julayi ndinalipira ndi ndalama zokaodera katundu, moti mashelefu ayamba kuonekera matabwa. Ya Ogasiti ino sindikuona komwe ichokere. Chikole ndi nyumba yathu ya kuno.

Ndalemba kalata iyi, mundiuze ngati ili bwino:

"Okondedwa Bwana Manijala, ndikulemba modzichepetsa kupempha kuti mundichitire chifundo pa ngongole yanga. Malonda sakuyenda chifukwa zinthu zavuta m'dziko muno monga mukudziwira. Ndine mayi wa ana anayi ndipo ndakhala kasitomala wanu wokhulupirika. Chonde munditsitsire ndalama ya pamwezi ifike pomwe ndingakwanitse, mwina K200,000. Mulungu akudalitseni."

Anaphiri, Bvumbwe

Pepani kwambiri asisi. Ine ndimati mwina mukayesere ku banki m'khonde, gulu lathu kuno timabwereketsa mpaka K500,000 munthu akakhala ndi masheya okwanira. Kapena mupemphe bankiyo ikuonjezereni ina mukaode katundu, malonda akadzuka mubweza zonse pamodzi.

Mai a Chisomo, Luchenza

Zikomo Anaphiri, koma ngongole ina ayi. Kugulu lathu ndi 20% pamwezi, ndiye ndikatseka dzenje ili ndi dothi lokumba dzenje lalikulu kuposa. Chomwe ndikufuna ndi chakuti yomwe ilipoyi aikonzenso.

Bambo Namakhwa, Chitakale

Mai a Chisomo, mwachita bwino kubwera nayo pa 28 pasanafike. Ndinagwirako zaka zambiri kumbali ya ngongole ndisanatsegule shopu ya zipangizo zomangira, ndipo makalata ngati yanuyi ndinawerenga ochuluka. Ndisakubisireni, momwe ililimu ikangolowa mufayilo n'kugona momwemo.

Chifukwa chake ndi ichi. A manijala a panthambi sasintha ngongole paokha. Iwo kapena ofesala amene amayang'anira akaunti yanu amalemba pempho kupita ku komiti ya ngongole, kawirikawiri kulikulu, kwa anthu amene sanakuonenipo nkhope. Anthu amenewo amafuna kudziwa kuti malonda atsika ndi zingati, chifukwa chiyani, mukupeza zingati panopa, ndipo ndalama yawo ibwerera liti. Kalata yanu ikuyenera kukhala yoti ofesala angokopera manambala ake kuika m'pempho lakelo. Yanuyi mulibe chokopera. Za ana anayi zija ndi zoona ndipo zimakhudza mtima, koma pafomu yawo palibe mzere wake.

Komanso K200,000 ija ichotseni. Ndawerengera: pa K12,000,000 mutalipira kakhumi, zotsala ndi K8,004,000, kusiyana kungakhalepo ndi kochepa. Chiwongoladzanja cha 36% pachaka ndi 3% pamwezi, ndiye pa ndalama imeneyi chiwongoladzanja chokha ndi K240,120 mwezi uliwonse. Mukalemba K200,000 ndiye kuti mukupempha ngongole yomwe izikula mwezi ndi mwezi osatha. Wowerengayo angoona kuti simunakhale pansi ndi cholembera, ndipo zotsatira zonse m'kalatamo aziziwerenga mokayikira.

Titumizireni zomwe munagulitsa mwezi ndi mwezi kuyambira Epulo mpaka Julayi, chaka chino ndi chaka chatha.

Che Juma, Limbuli

A Namakhwa mukuvutitsa mai. Njira ilipo yachidule. Mu 2020 nthawi ya kolona mabanki anaimitsa ngongole za mabizinesi ang'onoang'ono kwa miyezi itatu, ineyo ndinapindula nawo. Mai angopempha tchuthi chomwecho mpaka Disembala tiyi akayamba kuthyoledwa. Miyezi inayi osalipira kalikonse, ndalamayo azizunguza muholoselo. Ndipo banki simvera munthu amene akulipira bwino. Phonyani mwezi umodzi muone, akuimbirani okha.

Bambo Namakhwa, Chitakale

Che Juma, za 2020 mukunena zoona, koma lija linali pangano la Reserve Bank ndi mabanki onse chifukwa mliri unagwera dziko lonse. Pano mai akupita okha. Tchuthi angapemphe ndithu, ndipo ganizo lanu loloza Disembala ndi labwino, tiligwiritsa ntchito. Koma chiwongoladzanja sichipita kutchuthi. Akakhala miyezi inayi osalipira kalikonse, K8,004,000 ija ifika pafupifupi K9,009,000, chifukwa chiwongoladzanja cha mwezi uno chimaphatikizidwa kungongole n'kuyamba kubereka nachonso. Miliyoni yathunthu yaonjezekera asanagulitse ndi belo limodzi la Disembala.

Zophonya dala zija ndiye ayi, mai musayese. Kuimba aimbadi, koma woimbayo ndi wotolera ngongole, osati wokonza. Tsiku lomwe adula n'kupeza muakaunti mulibe, chilango chimayamba kuwerengedwa, ndipo mabanki amatumiza mbiri ya kalipiridwe kathu kumabungwe osunga mbiri ya ngongole monga Credit Data CRB, komwe banki ina iliyonse imakaona. Ikafika masiku 90 osalipidwa, ngongole imalowa m'gulu la zosabwezedwa, banki imayenera kuika padera ndalama zake pa ngongole imeneyo, ndipo nkhani imayamba kulowera kuchikole. Chuma chachikulu chomwe mai ali nacho lero ndi mawu akuti miyezi 10 osaphonya. Asachitaye.

Mai a Chisomo, Luchenza

Ndatsegula makope. Chaka chatha: Epulo K15,200,000, Meyi K14,600,000, Juni K13,900,000, Julayi K13,500,000. Chaka chino: Epulo K12,400,000, Meyi K10,300,000, Juni K9,200,000, Julayi K8,500,000.

Kunena zoona sindinkadziwa kuti zafika apa mpaka nditaziika pamodzi. Ndimangoona kuti madzulo m'dilowa mukupepuka.

Bambo Namakhwa, Chitakale

Apa ndiye kalata yayamba. Miyezi inayi ya 2024 ikukwana K57,200,000, ya 2025 ikukwana K40,400,000. Kutsika ndi K16,800,000, kapena 29%. Julayi ndi Julayi mnzake kutsika ndi 37%.

Ndinapempha za chaka chatha dala. Tonse kuno tikudziwa kuti tiyi amathyoledwa kwambiri nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha m'ma Epulo, ndipo chilimwe chikafika aganyu ambiri m'maesiteti amaimitsidwa, alimi ang'onoang'ono nawo masamba amachepa, ndalama m'misika imauma. Mukadangofanizira Januwale ndi Julayi, a komiti akanati: imeneyo ndi nyengo, mumaidziwa pomwe mumasaina. Koma Julayi wa chaka chatha nayenso anali chilimwe ndipo munagulitsa K13,500,000. Ndiye pali china chomwe chachitika kupatula nyengo. N'chiyani? Mawu akuti zinthu zavuta m'dziko sakwanira, chifukwa zavutira aliyense amene ali ndi ngongole panthambi imeneyo.

Mai a Chisomo, Luchenza

Zilipo ziwiri. Choyamba, kuyambira Epulo holoselo ina yaikulu ya ku Limbe inayamba kutumiza lole kumasiya katundu pakhomo pa magolosale. Ndinali ndi magolosale ndi maokala 31 oodetsa kwa ine mokhazikika, cha ku Chonde, Goliati ndi midzi yozungulira. Pa amenewo 9 anasiya, ndipo ndi akuluakulu omwe. Chachiwiri ndi shuga. Ndinkatulutsa mabelo 220 pamwezi, koma Meyi ndi Juni ndimapeza 90 okha, nthawi zina kubwerako chimanjamanja ku Limbe. Munthu akabwera n'kupeza shuga palibe, sopo ndi mafuta omwe amakagula komwe akapeze shugayo.

Achimwene Gift, Muloza

Zimenezi zikundikumbutsa za ine 2023. Namondwe Freddy atawononga mu Malichi, misewu inaduka, makasitomala anga a ku Milanje osaoloka, sitoko ina inanyowa. Ndinapita kwa ofesala wanga, anandilandira bwino, anati musadandaule tikonza. Ine n'kubwerera mtima uli m'malo, osalemba kanthu. Patatha miyezi iwiri munthu uja anasamutsidwa, wobwerayo anati pafayilo palibe chilichonse, ndipo chilango chinali chitaunjikana. Ndinagulitsa njinga yamoto kuti ndizimitse motowo. Ndiye amayi, chilichonse chomwe akuuzeni pakamwa, ngakhale akumwetulira, muziti ndilembereni. Kalatayo mupite nayo iwiri, ina adinde chidindo cha tsiku lomwe alandira, mubwere nayo kunyumba.

Anaphiri, Bvumbwe

Koma asisi mukalemba zoti makasitomala 9 anathawa, si ndiye aopa kuti bizinesi ikufa n'kuthamangira nyumba? Ine ndikanangotchula za shuga zokha.

Bambo Namakhwa, Chitakale

Mantha amenewo ndi omveka Anaphiri, koma taganizani. Shuga akayamba kupezeka malonda n'kukhalabe pansi, mai adzanena chiyani? Ndipo ofesala amabwera kudzaona shopu, amacheza ndi anthu pamsika, za lole ija mwina akuzidziwa kale kuchokera kwa amalonda ena. Kuli bwino azimve kwa mwini wake, pamodzi ndi zomwe akuchitapo. Kugulitsa nyumba ya chikole nakonso si kophweka kwa banki, kumatenga nthawi ndi ndalama. Akaona njira yooneka yobwezera, amaikonda kuposa kugulitsa.

Tsopano mai, funso lovuta. Ndalama zomwe mwatchulazi, zonse zimadutsa muakaunti ya kubankiko?

Mai a Chisomo, Luchenza

Ayi. Mwina theka. Ambiri amalipira pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo ndalama ya m'manja nthawi zambiri ndimapita nayo ku Limbe mwachindunji kukaoda. Kubanki ndimaika yokwanira ngongole ndi ya makampani omwe amafuna kulipidwa kudzera kubanki.

Bambo Namakhwa, Chitakale

Apa ndi pomwe makalata ambiri amagwera. Ofesala akalandira kalata, choyamba amatsegula akaunti yanu pakompyuta. Inu mwalemba K8,500,000, iye akuona K4,000,000 yolowa. Aganiza chimodzi mwa ziwiri: mwina manambala anu ndi opeka, kapena ndalama mukuzipatutsira kwina. Zonse ziwiri ndi zoipa. Ndiye nenani nokha m'kalatamo, ndipo muphatikize masitetimenti a manambala a foni aja, mafotokope a makope a malonda, ndi malisiti a ku Limbe. Malisiti ooda ndi umboni wamphamvu chifukwa sanalembedwe ndi dzanja lanu. Ngati mungathe, lonjezani kuti kuyambira pano malonda onse azidutsa muakaunti. Banki imakonda zimenezo, ndipo n'chinthu chomwe mungawapatse osataya ndalama yambiri.

Chatsala ndi phindu. Pa K100 iliyonse yomwe mwagulitsa mumatsala ndi zingati mutachotsa mtengo woodera? Nanga zolipira za pamwezi?

Mai a Chisomo, Luchenza

Ndikaphatikiza katundu yense zimabwera cha pa K11. Shuga ndi wochepa phindu, sopo ndi zokometsera ndiwo zimakwezako. Zolipira: lendi K150,000, anyamata awiri K260,000, mayendedwe a katundu K130,000, magetsi ndi za kukhonsolo K40,000. Za pakhomo tikudalira malipiro a bambo a Chisomo, kushopu sindikutengako kuyambira Meyi.

Bambo Namakhwa, Chitakale

Ndiye Julayi phindu linali K935,000, zolipira K580,000, zotsala K355,000. Ngongole ikufuna K708,570. Mukupeza theka lenileni. Chiganizo chimenechi chikhale pakati pa kalata, chifukwa chikufotokoza zonse.

Tione chomwe mungapemphe. Anthu ambiri amathamangira kuti onjezerani miyezi. Atatambasula K8,004,000 pa miyezi 24, pamwezi pakubwera K472,620, yomwe panopa simungaikwanitse. Ngakhale miyezi 36, ikubwera K366,620, ikadali pamwamba pa K355,000 yanu, ndipo mudzakhala mutalipira zoposa K13,000,000 pomwe pangano la lero latsala ndi K9,920,000. Chiwongoladzanja chikakhala chokwera chonchi, kutambasula kumatsitsa pang'ono koma kumadya kwambiri.

Ine ndikanapempha zigawo ziwiri. Ogasiti mpaka Novembala muzilipira chiwongoladzanja chokha, K240,120. Imeneyi mukuikwanitsa, ngongole sikukula, ndipo K115,000 ikutsala yobwezera katundu pashelefu. Kuyambira Disembala, ngongole yonse pa miyezi 20, pamwezi K538,000. Kodi Disembala mpaka Malichi wapitayu mumagulitsa zingati?

Mai a Chisomo, Luchenza

Pakatikati K16,000,000 pamwezi.

Bambo Namakhwa, Chitakale

Musalembe kuti mudzabwerera pamenepo. Chotsaniponi 30% monga momwe malonda atsikiramu, itsale K11,200,000. Phindu K1,232,000, kuchotsa K580,000, zotsala K652,000. Ikukwanira K538,000 n'kutsalako. Wowerenga akaona kuti mwadziwerengera motsitsa nokha, amakhulupirira.

Mai Nasibeko, Thyolo Boma

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa a Namakhwa ndikutsutsaniko pang'ono. Disembala mpaka Meyi zili bwino. Nanga Juni 2026? Chilimwe chidzabweranso, aganyu adzaimitsidwanso, lole ya ku Limbe ija sidzasiya kubwera. Ngati mai adzakhale akupezanso K355,000, K538,000 adzaitenga kuti? Adzalembanso kalata yachiwiri? Ine ndimagulitsa zipangizo za ulimi, ndipo ndinaphunzira kuti ngongole yofanana mwezi uliwonse siyenderana ndi malonda a kuno. Yanga ndinapempha kuti ndizilipira zambiri nthawi ya feteleza, zochepa nthawi ina, ndipo anavomera.

Bambo Namakhwa, Chitakale

Mai Nasibeko mwandigwira pabwino, ndinayang'ana pafupi. Ndipo kukonzanso kachiwiri n'kovuta kwambiri kuposa koyamba, komiti imaona ngati bizinesiyo yalephera basi. Ndawerengeranso motsatira nyengo. Chiwongoladzanja chokha mpaka Novembala monga tanenera. Kenako Disembala mpaka Meyi K600,000 pamwezi, Juni mpaka Novembala K350,000, kubwerezanso chomwecho chaka chinacho. Ngongole ikutha Okotobala 2027, mwezi womalizawo n'kulipira cha pa K241,000. Zonse pamodzi mai alipira pafupifupi K11,900,000, kutanthauza K1,980,000 pamwamba pa pangano la lero. Mtengo wa mpumulowu ndi umenewo, mai audziwe asanasaine.

Koma ndili ndi nkhawa ziwiri. Si banki iliyonse yomwe imalola magawo osinthasintha pa ngongole ya shopu, zambiri zimachita zimenezi pa ngongole za ulimi. Ndipo K350,000 pa K355,000 ndi kuyenda m'mphepete mwa phompho.

Mai Nasibeko, Thyolo Boma

M'mphepete inde, koma ngongole ya mai ili pa anthu akunja sitinaiwerenge. Mai a Chisomo, magolosale aja alibe ngongole zanu?

Mai a Chisomo, Luchenza

Alinazo, K1,500,000 m'kope. Koma K600,000 ili kwa atatu mwa omwe anathawira ku lole aja. Ndikawaimbira amati mawa.

Che Juma, Limbuli

Imeneyo lembani yonse m'kalata, aone kuti ndalama zilipo.

Mai Nasibeko, Thyolo Boma

Ayi Che Juma, alembe yomwe akutsimikiza kuti ibwera. Ukalonjeza banki ndalama yomwe ili m'thumba la munthu wina wokuzemba, tsiku likafika wabodza umakhala iwe. Atchule K900,000, ndipo anene kuti ipita kukatundu. Shopu yopanda katundu singabweze ngongole ngakhale ya K100,000.

Mai a Chisomo, Luchenza

Ndamva zonse. Ndakhala pansi ndi bambo a Chisomo usiku, chifukwa nyumbayo ili m'dzina la tonse awiri ndipo anasainira nawo. Nayi yatsopano. Mphwanga adzaiika m'Chingerezi, koma manambala ndi omwewa.

"Kwa a Manijala, nthambi ya (dzina).

PEMPHO LOKONZANSO KABWEZEDWE KA NGONGOLE NAMBALA (nambala), AKAUNTI (nambala)

Mu Sepitembala 2024 munandibwereka K12,000,000 yobweza m'miyezi 24, pa chiwongoladzanja cha 36% pachaka, K708,570 pamwezi. Ndalipira magawo 10 onse pa nthawi yake. Mwa kuwerengera kwanga kwatsala K8,004,000, ndipo ndikupempha kuti munditsimikizire nambala yeniyeni. Ndikulemba gawo la pa 28 Ogasiti 2025 lisanafike, chifukwa ndaona kuti sindikwanitsa kulilipira lonse.

Kuyambira Epulo mpaka Julayi 2024 ndinagulitsa katundu wa K57,200,000. Miyezi yomweyo mu 2025 ndagulitsa wa K40,400,000, kutsika ndi 29%. Mu Julayi 2024 ndinagulitsa K13,500,000, mu Julayi 2025 K8,500,000. Zifukwa ndi ziwiri. Mwa magolosale 31 omwe ankaoda kwa ine, 9 anayamba kulandira katundu pakhomo kuchokera ku holoselo ina kuyambira Epulo. Komanso mu Meyi ndi Juni ndinkapeza mabelo a shuga 90 pamwezi m'malo mwa 220.

Mu Julayi phindu langa linali K935,000, zolipira zoyendetsera shopu K580,000, zotsala K355,000. Magawo a Juni ndi Julayi ndinakwaniritsa pochepetsa katundu wooda, ndipo kupitiriza kutero kungaphe bizinesi yomwe ikubweza ngongoleyi.

Ndikupempha izi. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala 2025 ndizilipira chiwongoladzanja chokha, K240,120 pamwezi. Kuyambira Disembala 2025 ndizilipira K600,000 pamwezi m'miyezi ya Disembala mpaka Meyi, ndi K350,000 m'miyezi ya Juni mpaka Novembala, kufikira ngongole itatha mu Okotobala 2027. Malonda anga amatsatira nyengo ya tiyi. Disembala 2024 mpaka Malichi 2025 ndinkagulitsa K16,000,000 pamwezi, ndipo ngakhale atatsika ndi 30% ndizitsala ndi K652,000 pamwezi.

Kumbali yanga, ndayamba kukasiyira katundu magolosale 22 otsalawo kawiri pasabata, ndikutolera K900,000 ya ngongole za makasitomala kuti ibwerere kukatundu, ndipo kuyambira 1 Sepitembala malonda onse azidutsa muakaunti ino. Pakadali pano pafupifupi theka limadutsa pafoni ndi pamanja, n'chifukwa chake ndaphatikiza masitetimenti a foni, makope a malonda ndi malisiti oodera a miyezi yonse yatchulidwayi. Chikole chikhale chomwecho.

Ndikupempha kukumana nanu sabata ino, komanso kuti yankho lanu, ndondomeko yatsopano ya magawo ndi ndalama iliyonse yomwe mungandilipiritse pokonzanso mundipatse molemba."

Bambo Namakhwa, Chitakale

Iyi ndiye kalata. Ofesala akhoza kuinyamula momwemo kupita nayo ku komiti. Ndili ndi zokonza zochepa.

Manambala a mwezi ndi mwezi aja muwaike pa pepala lapadera, miyezi inayi uku ndi uku, kuti kalata isapitirire tsamba limodzi ndi theka. Musanasaine, kapempheni sitetimenti ya ngongole, muike nambala yawo m'malo mwa yanga. Yang'ananinso m'kalata yomwe anakupatsani pokubwerekani ngati 36% ija ndi yokhazikika kapena imayenda ndi mlingo womwe mabanki amalengeza mwezi ndi mwezi. Zambiri zimayenda nawo. Mlingo wa Reserve Bank wakhala pa 26% kuyambira Febuluwale 2024 mpaka Ogasiti 2025 uno, n'chifukwa chake gawo lanu silinagwedezeke kwenikweni, koma ukasintha manambala athuwa asinthanso.

Zokasiyira katundu kawiri pasabata zija zili ndi mtengo wake. K130,000 ya mayendedwe ikwera, ndipo ofesala wochenjera afunsa. Muwerengeretu.

China, onjezerani chiganizo chimodzi chonena kuti ngati magawo a nyengo sangatheke, muli okonzeka kukambirana gawo lofanana. Musawasiye ndi inde kapena ayi basi.

Mai Nasibeko, Thyolo Boma

Chiganizo chimenecho ine sindikanaika. Mukawapatsa khomo losavuta alowera pomwepo, n'kukupatsani K538,000 yomwe tagwirizana kale kuti Juni idzakukanikani. Asiye pempho limodzi, zinazo akakambe pamaso.

Bambo Namakhwa, Chitakale

Vuto ndi nthawi, mai. Pempho likapita kulikulu n'kukanidwa, kuyambiranso ndi masabata ena, ndipo pa 28 sipadikira.

Mai Nasibeko, Thyolo Boma

Ndiye afunse ofesala pakamwa tsiku loperekalo ngati makina awo amalola magawo a nyengo. Akati ayi, asinthe kalata pomwepo isanapite.

Achimwene Gift, Muloza

Nanga pa 28 pakafika yankho lisanabwere, amayi achite bwanji? Ine pamenepa ndi pomwe ndinapsa.

Bambo Namakhwa, Chitakale

Pangano lakale limagwirabe ntchito mpaka atasaina latsopano. Kalata yodindidwa siimitsa makina odula. Ndiye ngati n'kotheka mwanjira iliyonse yosakhala katapila, K708,570 ya Ogasiti ikhalemo muakaunti, ngakhale zitatanthauza kuti K900,000 yotoleredwayo iyambe yagwira ntchito imeneyi. Zikatero miyezi ya chiwongoladzanja chokha iyambira Sepitembala, ndipo ngongole idzakhala itatsikira cha pa K7,536,000, chiwongoladzanja chake K226,000. Zikakanika, aikemo yomwe ali nayo, isachepere K240,120, ndipo alembe kakalata kena tsiku lomwelo kunena zomwe aika ndi kukumbutsa za pempho lija. Chilango chikhoza kubwerabe, koma pafayilo padzaoneka munthu amene sanathawe, ndipo pokambirana angapemphe kuti achichotse.

Pepala latsopano likabwera, asasainire pakauntala. Apite nalo kunyumba, aone ndalama yolipira pokonzanso, inshuwalansi ngati aiwerengeranso, chiwongoladzanja ngati achikweza, komanso ngati akuloledwa kubweza msanga popanda chilango. Bambo a Chisomo nawo adzafunika kusainanso.

Mai a Chisomo, Luchenza

Mayendedwe ndawerengera, akwera ndi K45,000 pamwezi ndikamabwereka kagalimoto ka mnansi wanga. Ndiye K355,000 ija ikhala K310,000 pokhapokha magolosale ena atabwerera, kutanthauza kuti K350,000 ya chilimwe yakanika kale. A Namakhwa, mungandiwerengerenso pa K300,000, tione kuti ithera mwezi uti? Zachiganizo chija sindinasankhe, ndiyamba ndamufunsa ofesala monga anenera Mai Nasibeko. Mawa m'mawa ndikukatenga sitetimenti ya ngongole, masana ndipita ku Chonde kwa awiri omwe analonjeza kundilipira sabata ino.